Chisamani chafika, koma tsiku lake ndi lowerengera katundu kuntchito: ndiwauze bwanji abwana?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Dzulo madzulo wapolisi anandipeza kunyumba ku 25 n'kundipatsa chisamani, ndinasainira. Akundifuna ku khoti la majisitireti Lachiwiri pa 14, 9 koloko mmawa, ngati mboni. Ndi nkhani ya akuba omwe anathyola nyumba ya aneba anga chaka chatha. Ine ndi amene ndinaona mmodzi akutuluka ndi wayilesi yakanema ndipo ndinakapereka sitetimenti. Ndinkayesa zinathera pomwepo. Tsono vuto n'lakuti ndimagwira ntchito yaukalaliki mu nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo pa 14 pomwepo ndi tsiku lowerenga sitoko. Tsiku limenelo abwana safuna kumva chilichonse. Mnzanga akuti ndingoimba mmawa kuti ndadzuka ndi malungo. Ndine ndekha wodyetsa ana awiri, ntchitoyi sindingaitaye. Nditani?

Jeke wa ku Mchesi: Achemwali musaphonye tsiku limenelo. Mng'ono wanga anajomba tsiku limodzi lokha, belo anamulanda, anakagona ku rimandi, ndipo amalume omwe anamusainira anavutika nazo. Pezani loya msanga, a Legal Aid alipo ngati ndalama palibe.

Nachisale: Ayi achimwene, woimbidwa mlandu si ine. Ine ndine mboni chabe.

Jeke wa ku Mchesi: Pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe musajombe.

Mlonda wa Usiku: Apa palibe chovuta. Chisamani ndi lamulo la boma. Bwana amene angakuletseni amangidwa, ndipo tsikulo ayenera kukulipirani lonse. Ingopitani, mukabwerako mudzawaonetse pepalalo, sangatsegule pakamwa.

A Mbewe: Nachisale, ine ndinagwira ntchito yoona za antchito m'makampani kwa zaka zambiri ndisanapume, ndiye nkhani ngati yanuyi yadutsa pa tebulo langa kangapo. A Mlonda anena zoona mbali imodzi. Chisamani si kalata yokupemphani, ndi khoti likukulamulani. Mboni yomwe yalandira chisamani n'kusapita popanda chifukwa chomveka, khoti lili ndi mphamvu yotulutsa chikalata choti imangidwe, abwere nayo apolisi. Kuwerenga sitoko woweruza sangakuone ngati chifukwa. Ndiye zopita kapena kusapita tisakambirane, mupita basi.

Pomwe ndikusiyana nawo ndi apa poti "ingopitani, mudzaonetse mukabwerako". Lamulo la zantchito la 2000 lija, pa gawo 59, limalola bwana kuchotsa munthu nthawi yomweyo pa zifukwa zingapo, ndipo chimodzi ndi kujomba popanda chilolezo kapena popanda chifukwa china chomveka. Chisamani ndi chifukwa chomveka, n'zoona. Koma mukalandira pepala masiku khumi lisanafike tsikulo, inu n'kukhala chete, bwana adzanena kuti mlandu wanu si wopita ku khoti, mlandu wanu ndi wosanena pomwe nthawi munali nayo, mpaka ntchito ya kampani yaonongeka. Pamenepo mwamupatsa ndodo nokha.

Za malungo zija zisiyeni kutali. Mukanena kuti mwadwala adzafuna chikalata cha kuchipatala. Mulibe. Mukakagula chabodza, mwasandutsa nkhani yomwe munali olungama kukhala yachinyengo, ndipo chinyengo chimachotsetsa ntchito ngakhale munthu amene wakhala zaka 20 osalakwapo.

Mayi a Tadala: Mvereni bambo Mbewe, mwana wanga. Ine zinandionekera. Ndinkagwira ntchito yophika pa malo ena ogona alendo, ndipo ndinali ndi mlandu ndi bambo a anawa wa ndalama za chisamaliro. Manyazi anandigwira, sindinafune kuti kuntchito adziwe kuti banja langa lafika ku khoti. Tsiku loyamba ndinati kuli maliro a azakhali ku Mitundu. Anandilola, anzanga mpaka anasonkha chipepeso. Ndikafika ku khoti bamboyo sanabwere, mlandu anaukankhira milungu itatu kutsogolo. Ndinanenanso maliro ena. Ulendo wachitatu dalaivala wa pantchito anandiona nditakhala pa benchi panja pa khoti, nditafunda chitenje, envulopu ili m'manja. Sindinachotsedwe, koma anandipatsa kalata ya chenjezo, ndipo chomwe chinandiwawa kwambiri ndi nkhope za anzanga omwe anasonkha ndalama zija. Mayi anga atamwaliradi chaka chotsatira, manijala anandiuza kuti ndibweretse kalata ya amfumu. Ndinalira njira yonse.

Nachisale: Pepani mayi, zomvetsa chisoni. Ndamva, bodza ayi. Koma a Mbewe, ndikawauze pakamwa kapena bwanji? Kapitawo wathu ukamuuza chinthu amangoti "chabwino", tsikulo likafika amakana kuti sanamve.

A Mbewe: N'chifukwa chake muyenera kulemba. Mawa lomwe, musadikire sabata yamawa. Pitani mukachite fotokope chisamanicho, mapepala awiri. Chenichenicho musasiye kuntchito, chimenecho ndi chanu, mudzapita nacho ku khoti. Lembani kalata yaifupi, nayonso ikhale iwiri. Ngati pantchito panu makalata amalembedwa m'Chingerezi lembani m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale izi:

"Ndalandira chisamani chondilamula kukaonekera ku khoti la majisitireti ngati mboni Lachiwiri pa 14, nthawi ya 9 koloko mmawa. Fotokope yake ndaphatikiza. Choncho tsiku limeneli sindidzapezeka pa ntchito. Khoti likanditulutsa msanga ndidzabwera kudzagwira maola otsala. Popeza ndi tsiku lowerenga sitoko, ndakonzeka kumaliza mabuku a mbali yanga Lolemba ndi kusiyira makiyi amene mungandiuze. Mlandu ukasunthidwira tsiku lina ndidzakudziwitsani tsiku lomwelo."

Mukapereka, wolandirayo asaine pa kope lanu, alembe deti, ndipo ngati pali chidindo adinde. Akakana kusaina musakangane naye. Tulukani, jambulani kalata ndi chisamani pa foni, mutumizireni iyeyo ndi manijala, ndi mawu akuti "iyi ndi kalata ndakupatsani lero mmawa". Uthengawo musafufute.

Onaninso mmene ndalembera. Sindinati "ndikupempha ngati n'kotheka". Mukalemba choncho mwatsegula khomo loti ayankhe kuti sikutheka, ndiye mukapita zidzaoneka ngati mwanyozera lamulo la bwana. Mukuwadziwitsa mwaulemu za chinthu chomwe inu simungasinthe, n'kuwathandiza kuti ntchito isaime.

Nasibeko: Ndilankhuleko ngati wolemba anthu ntchito, ngakhale yanga ndi yaing'ono, ndili ndi atelala anayi ku Kawale. Chomwe chimatipsetsa mtima si khoti ayi. Ndi kudzidzimutsidwa. Telala wanga wina anandiuza 6 koloko mmawa kuti akupita ku khoti, pomwe madiresi a ukwati wa Loweruka ali pa mashini ake. Ndinadzamva kuti pepala anali nalo milungu iwiri m'thumba. Akanandiuza nthawi ija ndikanagawira ena ntchitoyo. Mzere uja a Mbewe alemba wa kumaliza mabuku Lolemba ndi kusiya makiyi, umenewo ndiye udzafewetsa abwana anu kuposa chisamani chenichenicho. Munthu wa bizinesi akamva kuti wina kulibe, funso loyamba m'mutu mwake ndi lakuti nanga makiyi a sitolo akhala ndi ndani.

Koma funso langa ndi ili: ndili ndi ufulu wofunsa kuti ndi mlandu wanji? Chifukwa ngati munthu akuimbidwa mlandu wakuba ndipo ine ndimamusiyira nsalu za makasitomala, ndikuona kuti ndiyenera kudziwa.

A Mbewe: Pa nkhani ya Nachisale funso limenelo likuyankhika lokha, chisamani cha mboni chimasonyeza kuti waitanidwa kudzapereka umboni. Ndipo n'kwabwino kuti achionetse, chifukwa akangoti "ndikupita ku khoti" osaonetsa pepala, anthu a pa sitoko ayamba kunong'onezana kuti kalaliki wagwidwa. Chomwe bwana akufunika kudziwa ndi tsiku, nthawi, ndi umboni woti kuitanako n'koona. Tsatanetsatane wa zomwe ukanene ku khoti si za pantchito, ndipo Nachisale, umboni wanu musamaukambe ndi anthu musanaupereke.

Za woimbidwa mlandu ndi nkhani ina. Munthu sanalakwe mpaka khoti litamupeza wolakwa. Koma malamulo a m'makampani ena amanena kuti ukamangidwa kapena kuimbidwa mlandu uyenera kudziwitsa akuluakulu, ndiye zimatengera zomwe munthu anasainira polowa ntchito.

Nasibeko: Ine ndi atelala anga sitinasainirane zotere. Ndiye ndingokhala osadziwa?

Jeke wa ku Mchesi: Mayi, mng'ono wanga uja mlandu wake unali wa ndewu ku mpira, sunkakhudza ntchito yake m'pang'ono pomwe. Atawauza zoona abwana ake anamuimitsa tsiku lomwelo. Khoti linadzamupeza wosalakwa koma malo ake anali atalowa wina. Ndiye musadabwe anthu akamabisa.

Nasibeko: Ndikumva, koma nanenso nsalu zikasowa amene amalipira ndi ine.

Mlonda wa Usiku: Tibwerere pa ndalama. A Mbewe mwadumpha. Ine ndinapita ku khoti kawiri ngati mboni pa nkhani ya akuba omwe analowa pamalo pomwe ndinkalondera, ndipo sanandidule ngakhale tambala. Ndiye lamulolo lilipo.

A Mbewe: Sindinadumphe, ndimabwera. Inu a Mlonda mlandu wanu unali wa pantchito. Munkachitira umboni zomwe munaona muli pa ntchito ya kampani, ndiye kupita ku khoti kunali ngati ntchito yomweyo, ena amakupatsa ndi galimoto. Wa Nachisale ndi wa kumudzi komwe amakhala, kampani sukuikhudza.

Lamulo la zantchito limatchula tchuthi cha pachaka, chomwe ndi masiku 18 ogwira ntchito kwa munthu wogwira masiku 6 pa sabata ngati Nachisale, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku 5. Limatchula tchuthi chodwala, ndi cha uchembere. Tchuthi chapadera cholipidwa chopitira ku khoti mulibemo. Chomwe limanena n'chakuti bwana saloledwa kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango, koma akhoza osalipira nthawi yomwe munthu wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka. Ine ndimawerenga pamenepa kuti munthu wa chisamani, yemwe wadziwitsa bwino, sali m'gulu la ojombawo, ndipo akadulidwa ali ndi poyambira kudandaula. Koma ndaona mabwana ambiri akuchotsera tsikulo ku tchuthi cha pachaka, ena akulipira mwa chifundo chabe, ena akudula. Yang'anani kaye buku la malamulo a pantchito panu, ena analembamo masiku a zochitika zapadera.

Nachisale: Ndimalandira K156,000 pa mwezi. Akadula adula zingati? Tchuthi changa chatsala masiku 7, ndimasungira Disembala kuti ndikaone mayi ku Dedza.

A Mbewe: Ambiri ogwiritsa ntchito masiku 6 amagawa malipiro ndi 26. K156,000 kugawa 26 ndi K6,000 pa tsiku. Tsiku limodzi likuoneka laling'ono, koma werengerani maulendo atatu, chifukwa milandu simakonda kutha tsiku limodzi: K18,000, osawerengera minibasi. Kapena masiku 3 pa 7 anu aja. Ndikanakhala inu, nkhani ya malipiro sindikanaiika m'kalata yoyamba ija. Lolani avomere kaye tsikulo. Akakufunsani, pemphani kuti mubweze maolawo, kaya pa tsiku lanu lopuma kaya potsalira madzulo. Akakana, musankhe nokha pakati pa tchuthi ndi kudulidwa, ndipo chomwe mwagwirizana chilembedwe. Akadula zoposa tsiku limodzi pa tsiku limodzi lomwe kunalibe, chimenecho ndi chindapusa, mukadandaule ku leba.

Mlonda wa Usiku: Ine sindikugwirizana nazobe. Boma ndi limene lamuitana, iye sanafune. Aluze bwanji ndalama kapena tchuthi chifukwa chothandiza boma kugwira akuba? Mawa anthu adzaona wakuba n'kutseka chitseko.

A Mbewe: Pamenepo sindikutsutsani. Ndikungonena mmene zilili pa mapepala.

Mthenga wa kwa Maloya: Ndiwonjezereko za tsiku lenilenilo, poti ntchito yanga ndi yoyenda ndi mafayilo m'makhoti. Achemwali, abwana musawalonjeze ola lobwerera. Pa chisamani alemba 9 koloko, koma milandu yomwe yaikidwa tsiku limenelo ndi yambiri, ndipo oimbidwa mlandu omwe ali ku rimandi amayenera kudikiridwa kuti afike. Mukhoza kuitanidwa 11 koloko, mukhoza kuitanidwa masana khoti litabwerera kopuma. Kuchoka m'tauni kukafika ku Kanengo ndi minibasi masana, tsiku latha kale. Nenani tsiku lonse, mukafika msanga chikhale chowonjezera.

Mukafika, funsani wapolisi woimira boma pa mlanduwo, mumuonetse chisamani kuti adziwe kuti mboni yake yafika. Muuzeninso kuti ndinu wapantchito, nthawi zina amatha kukuyambitsani. Kawirikawiri mboni imadikira panja mpaka itaitanidwa, kuti isamve zomwe anzake akunena. Musachoke kukagula chakudya osauza munthu, dzina likaitanidwa inu kulibe zimalembedwa ngati simunabwere.

Chachikulu n'ichi. Mlandu ukasunthidwa, tsiku latsopano amangolinena pakamwa m'khotimo, ndipo si nthawi zonse pomwe mumapatsidwa chisamani china. Apa ndi pomwe anthu amakodwa kuntchito. Ulendo wachiwiri bwana amati pepala lili kuti, inu muli ndi lakale la pa 14. Ndiye musanatuluke pa mpanda, pitani kwa kalaliki wa khoti kapena kwa woimira boma uja, mupemphe kuti akulembereni kuseri kwa chisamani kuti munabwera lero, mlandu wapita pa deti yakuti, asaine, ndipo ngati n'kotheka adinde. Ena amachita msanga, ena amakuuzani kuti mudikire. Dikirani ndithu. Mukapereka umboni, funsaninso ngati mwamasulidwa kapena mudzafunikanso.

Nachisale: Nanga sizingatheke kupempha kuti andisinthire tsiku, poti ndi la sitoko?

Mthenga wa kwa Maloya: Kufunsa si mlandu. Kaonaneni ndi wapolisi amene akuyendetsa mlanduwo sabata ino. Ngati pali mboni zina, akhoza kuyamba ndi iwo n'kupempha khoti kuti inu mudzabwere tsiku lina. Koma wosintha ndi khoti, si wapolisi amene anabweretsa pepala, si inu. Wina akangokuuzani pa foni kuti "musabwere", funsani dzina lake ndipo akulembereni. Ine maganizo anga, pitani pa 14 pomwepo. Mboni zinanso zasiya ntchito zawo, ndipo aneba anu akhala akudikira chaka.

Tiya wa ku Chinsapo: Pepani kulowerera. Ine yanga si ya khoti. Chiphaso changa cha unzika chinatayika ndipo ku banki akukana kundithandiza. Ndikufuna kupita ku NRB, komanso ndikufuna kuyamba za pasipoti. Ndilembe kalata yomweyi?

A Mbewe: Ayi mwana wanga, yanu ndi yosiyana, ndipo mukakopera kalata ija mudzakwiyitsa abwana pachabe. Nachisale walamulidwa, tsiku anamusankhira. Inu palibe amene akumangeni mukapanda kupita Lachiwiri, ndiye yanu ndi pempho lenileni, ndipo bwana akhoza kunena kuti sabata ino ayi, pitani sabata yamawa. Apatseni masiku awiri kapena atatu oti asankhepo. Maofesi a boma amagwira Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye fotokozani kuti tsiku lanu lopuma likakhala Lamlungu simungathe kuzichita. Ngati ofesi yakupatsani tsiku lake lokajambulitsa kapena lokatenga, onetsani kapepala kapena uthenga wake, pamenepo pempho limalemera. Risiti yolipirira isungeni, ndiyo umboni woti munapitadi. Ndipo chiphasocho kuntchito amachifunanso pa za malipiro ndi penshoni, muwakumbutse.

Tiya wa ku Chinsapo: Zikomo bambo. Ndipempha theka la tsiku.

Mayi a Tadala: Pemphani tsiku lonse, Tiya. Mizere ya za ziphaso simaiona theka la tsiku. Ndipo lawirirani kusanache.

Jeke wa ku Mchesi: Nanga a Mbewe, atachita zonsezi abwanawo n'kumuchotsabe?

A Mbewe: Lamulo lomwe lija, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Ndipo pa mlandu wochotsedwa ntchito, amene amayenera kupereka chifukwa ndi bwana. Wochotsedwayo ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa m'boma, ku leba kuja, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la zantchito. Sindikunamizani kuti ndi njira yachangu, anthu amadikira, ana akufuna kudya. Koma wolowa mu ofesi ija atanyamula chisamani chodindidwa ndi kalata yosainidwa masiku angapo tsikulo lisanafike amamvedwa mosiyana ndi wongoti "ndinawauza pakamwa".

Nachisale: Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Kalata ndinapereka Lachinayi. Kapitawo anaiwerenga, anati iye sasaina zinthu za ku khoti, ndiye ndinapita nayo kwa manijala. Poyamba nkhope inasintha, anafunsa kuti ndapalamula chiyani. Nditawaonetsa pomwe palembedwa kuti mboni, anakhala phee, kenako anafunsa za makiyi. Ndinati ndimaliza mabuku Lolemba ndipo makiyi ndisiyira amene anene. Anasaina, anadinda. Lolemba ndinaweruka mdima utagwa.

Dzulo ndinafika ku khoti 8 koloko isanakwane. Tinakhala pa benchi ine, aneba anga ndi mnyamata wina wa kabaza amene ananyamula katundu uja osadziwa. Cha m'ma 12 anatiitana tonse n'kutiuza kuti mmodzi mwa oimbidwa mlandu wadwala, tibwerenso pa 5 mwezi wamawa. Sindinayankhule ngakhale liwu limodzi. Ndinakumbukira a Mthenga, ndinadikira mpaka woimira boma anandilembera kuseri kwa chisamani ndipo kalaliki anadinda. Kuntchito ndinafika 3 koloko, ndinathandiza kuwerenga mashelefu omaliza.

Lero manijala akuti tsiku ladzulo sadula poti ndinabwerako ndipo Lolemba ndinatsalira, koma la pa 5 lichoka ku tchuthi changa. Ndavomera, ndawapempha kuti alembe.

Mlonda wa Usiku: Mwaona? Tsiku la amayi anu ku Dedza lapita chifukwa cha akuba. Ine ndikanakafunsa ku leba ndisanavomere.

Mthenga wa kwa Maloya: Kalata yachiwiri ya pa 5 mwapereka kale? Musadalire kuti amva pakamwa. Chitaninso fotokope ya kuseri kuja komwe adinda, muphatikize.

Nachisale: Ndichita mawa pa nthawi ya nkhomaliro, lero magetsi anazima pamalo pomwe timachitira fotokope.